Mizere ya Fibonachi: chida chimodzi, mayankho osiyana

Pa 29 Epulo 2020, mlozo wa S&P 500, umene umaonetsa mitengo ya masheya a makampani akuluakulu 500 a ku Amerika, unatseka tsiku uli pa 2,939.51. Amalonda ena atayang'ana pa matchati awo anati msika wadumpha mzere wofunika ndipo upitiriza kukwera. Anzawo, poyang'ana nambala yomweyo, anati msika walephera kuudumpha mzerewo ndipo ubwerera pansi. Onsewa ankagwiritsa ntchito chida chimodzi, mizere ya Fibonachi, ndipo palibe amene analakwitsa masamu. Anasiyana pa malo amene anayambira kuyeza.

Dzinali ndi la Leonardo wa ku Pisa, katswiri wa masamu wa ku Italiya, amene m'buku lake la mu 1202 analemba mndandanda wa manambala womwe akatswiri a ku Indiya ankaudziwa kale: 1, 1, 2, 3, 5, 8, 13, 21, 34, 55. Nambala iliyonse imapezeka pophatikiza ziwiri za kumbuyo kwake. Mukagawa 34 ndi 55 mumapeza 0.618, mukagawa 21 ndi 55 mumapeza 0.382, ndipo 13 ndi 55 zimapereka 0.236. Uku ndiye kumene kunachokera 61.8%, 38.2% ndi 23.6%. Mzere wa 50%, womwe ambiri amaukonda, si wa Fibonachi n'komwe. Amalonda anangouphatikizamo chifukwa theka ndi malo amene diso limafikapo msanga. Leonardo sanalembe za masheya. Amene anatchukitsa manambalawa pa misika ndi Ralph Nelson Elliott wa ku Amerika, m'zaka za m'ma 1930 ndi 1940, pamodzi ndi omutsatira.

Ganizo lake n'losavuta. Mtengo ukakwera kapena kutsika kwambiri, kawirikawiri umabwererako pang'ono, ndipo wamalonda amafuna kudziwiratu pamene kubwererako kungathere. Amasankha malo awiri pa tchati, nsonga imene mtengo unafika usanatembenuke ndi pansi pamene unakagunda, kenaka pulogalamu ngati TradingView kapena MetaTrader imadula mtunda wa pakati pake m'magawo aja. Pulogalamu imangowerengera. Kusankha malo awiriwo ndi kwa munthu, ndipo mavuto onse amayambira pamenepo.

Tibwerere ku 2020. Mliri wa korona utayamba kufalikira, S&P 500 inagwa kuchokera pa nsonga ya pa 19 Febuluwale mpaka pansi pa 23 Malichi. Masiku awiriwa palibe amawatsutsa. Komatu tsiku lililonse lili ndi manambala angapo. Pa tchati cha makandulo, thupi la kandulo limaonetsa pamene msika unatsegulira ndi pamene unatsekera, pomwe kachingwe kotulukira pamwamba ndi pansi kamaonetsa kumene mtengo unakafika tsikulo usanabwerere.

Wamalonda woyamba amayeza pa nsonga za zingwe, chifukwa amati kumeneko ndi kumene ogula ndi ogulitsa anakafikadi. Pamwamba amatenga 3,393.52, pansi 2,191.86. Mtunda wake ndi pafupifupi 1,202, ndipo 61.8% ya mtundawu ndi 743. Akaphatikiza pa nambala ya pansi ija, mzere wake umagwera pa 2,934. Wachiwiri amati zingwe ndi phokoso la mphindi zochepa, chenicheni ndi pamene msika wagona. Iye amatenga 3,386.15 ndi 2,237.40, ndipo mzere wake wa 61.8% umagwera pa 2,947.

Kusiyana kwa 13 kumaoneka kochepa, koma 2,939.51 ya pa 29 Epulo inagwera pakati pa mizere iwiriyi. Woyamba, ngati lamulo lake linali kugula msika ukatseka pamwamba pa mzere, anagula. Wachiwiri anaona msika utasuzumira pamwamba pa mzere wake masana n'kutseka pansi pake, ndipo anagulitsa. M'masabata awiri otsatira mlozo unatsika mpaka kutseka pa 2,820 pa 13 Meyi, ndipo wachiwiriyo ndi amene anaoneka wanzeru. Koma Meyi asanathe unadutsa 3,000, ndipo pa 18 Ogasiti unaposa nsonga ya mu Febuluwale. Kuti anapindula ndani, zinadalira tsiku limene aliyense anatuluka ndiponso pamene anaika malire oti akaluza aleke.

Kusiyana kwakukulu kuposa uku kumabwera pa funso lakuti ulendo woyezedwawo ndi uti. Munthu amene ankafuna kudziwa pamene kugwa kwa mu Malichi kungathere anayenera kusankha pamene kukwera kunayambira. Woyang'ana zaka zambiri akanatenga 666.79 ya mu Malichi 2009, ndipo mizere yake ikanagwera pa 2,352 ndi 2,030, ya 38.2% ndi ya 50%. Msika unaboola woyamba, wachiwiri sunaufike, unatembenukira pakati. Woyang'ana pafupi akanayambira pansi pa Disembala 2018, cha pa 2,350, ndipo mizere yake yonse inabooledwa. Zili ngati anthu oyeza munda ndi chingwe chimodzi koma aliyense wakhoma chikhomo pake.

Pali zina zimene zimawonjezera chisokonezo. Tchati cha ola limodzi chimaonetsa nsonga zambiri zimene pa tchati cha sabata sizioneka. Pa msika wa ndalama zakunja palibe malo amodzi olembera mitengo, choncho zingwe za makandulo zimasiyana pang'ono malinga ndi kampani imene munthu akuchitirako malonda, komanso ola limene kampaniyo imatsekera tsiku. Ndiponso pansi penipeni pamadziwika pambuyo. Madzulo a pa 23 Malichi palibe amene akanalumbira kuti kugwa kwatha.

Nanga bwanji mizereyi imaoneka ngati ikulosera? Mbali ina n'chifukwa chakuti anthu ambiri amaika malonda awo pa malo omwewo, makamaka nsonga zikakhala zoonekera kwa aliyense monga za 2020, ndipo kuchuluka kwawo kungaimitse mtengo kwa kanthawi. Mbali ina, imene ogulitsa maphunziro pa foni satchula kawirikawiri, ndi ya masamu wamba. Pa mtunda wa 1,200 munthu akajambula mizere isanu, n'kuvomereza kuti mtengo wagunda mzere ukafika pa 15 pamwamba kapena pansi pake, watenga kale gawo limodzi mwa magawo asanu ndi atatu a mtundawo. Akajambula kuchokera pa nsonga zitatu zosiyana, mizere yake ikhoza kuphimba gawo loposa limodzi mwa atatu. Mtengo ukatembenuka paliponse, mzere wina umapezeka pafupi, ndipo imene inabooledwa imaiwalika.

N'chifukwa chake amalonda osamala amalemba lamulo lawo asanaone zotsatira. Amasankha tchati chimodzi, kaya cha tsiku kaya cha maola anayi. Amasankhiratu zingwe kapena mitengo yotsekera, osasakaniza chingwe pamwamba ndi thupi pansi. Ena amati nsonga ndi kandulo yokhayo imene yaposa makandulo awiri a kumanzere ndi awiri a kumanja kwake, kuti diso lisamasankhe zimene mtima ukufuna. Kenaka amalemba m'kope nthawi zonse zimene mzere wagwira ndi zimene walephera. Chizindikiro chakuti zinthu zasokonekera n'chosabisika: munthu akayamba kusuntha malo oyambira mtengo utayenda kale, kuti mzere ugwirizane ndi zimene zachitika, ndiye kuti akujambula mbiri, ndipo kope lake silingamuuzenso ngati njirayo ikumupindulitsa kapena ikumudyera ndalama.