Kugula tikiti ya basi m'Chiarabu

Kukambirana kwa m'munsimu kuli m'Chiarabu cha m'mabuku, chomwe chimamveka m'mayiko onse a Aarabu. Bambo ndi mayi odziwana akumana pa depoti ya Turgoman ku Cairo, m'dziko la Egypt. Chiarabu chimawerengedwa kuchokera kumanja kupita kumanzere. Pansi pa chiganizo chilichonse pali katchulidwe kake ndi tanthauzo.

Bambo: إلى أين تسافرين؟
*Ila ayna tusafirin?* Mukupita kuti?

Mayi: إلى الإسكندرية. وأنت؟
*Ilal-Iskandariya. Wa anta?* Ku Alexandria. Nanga inu?

Bambo: أنا أيضًا. متى تغادر الحافلة؟
*Ana aydan. Mata tughadirul-hafila?* Inenso. Basi inyamuka nthawi yanji?

Mayi: في الساعة التاسعة.
*Fis-sa'atit-tasi'a.* Nthawi ya 9 koloko.

Bambo: ذهاب وعودة؟
*Dhahab wa 'awda?* Mugula yopita ndi kubwera?

Mayi: لا، ذهاب فقط.
*La, dhahab faqat.* Ayi, yopita basi.

Bambo (kwa wogulitsa): تذكرتين من فضلك. بكم؟
*Tadhkiratayn, min fadlik. Bikam?* Matikiti awiri chonde. Ndi zingati?

Choyamba kuzindikira n'chakuti Chiarabu chimasiyanitsa mwamuna ndi mkazi poyankhula nawo. Bamboyu wanena kuti *tusafirin* chifukwa akufunsa mayi. Akanafunsa mwamuna mnzake akanati *tusafir*. Chimodzimodzi *anta* ndi mawu oyankhulira mwamuna, pomwe kwa mkazi amati *anti*.

Chachiwiri ndi kawerengedwe ka zinthu. Tikiti imodzi ndi *tadhkira*, ndipo matikiti atatu mpaka khumi ndi *tadhakir*. Zinthu ziwiri zili ndi mathero akeake, *-ayn*, kotero *tadhkiratayn* akutanthauza kale matikiti awiri ndipo palibe chifukwa chotchulira nambala.

Chachitatu ndi kamawu kakuti *al-*, kamene kamaloza chinthu chodziwika kale. Kamamveka bwinobwino mu *al-hafila*, basi. Koma kakakumana ndi zilembo monga *s* ndi *t*, liwu la *l* limamezedwa ndipo chilembo chotsatiracho chimatchulidwa kawiri: *as-sa'a*, ola, ndi *at-tasi'a*, lachisanu n'chinayi.

Pa katchulidwe, *dh* amatuluka nsonga ya lilime ili pakati pa mano. Kachizindikiro ka ' kakuyimira liwu lochokera mkati mwa mmero, lomwe m'Chichewa mulibe.

Wogulitsa matikiti ku Cairo amamva Chiarabu chotere koma nthawi zambiri amayankha m'chiyankhulo cha tsiku ndi tsiku cha kumeneko. Tikiti amati *tazkara*, basi amati *utubis*, ndipo ndalama ya dzikolo, *junayh*, amaitchula kuti *gineh*. Manambala a pa tikiti nawonso amafunika kusamala: ٩ ndi 9, koma ٥, amene amaoneka ngati ziro, ndi 5, pomwe ziro weniweni ndi kadontho, ٠. Mpando wolembedwa ٢٥ ndi nambala 25, chifukwa manambala amawerengedwa kuchokera kumanzere.