Kupangira galimoto geji ya kutentha kwa injini

Galimoto zambiri zing'onozing'ono zochokera ku Japan zomwe zadzaza m'misewu yathu, monga Vitz, Passo ndi Sienta, zilibe singano yosonyeza kutentha kwa injini. Zili ndi kagetsi kabuluu koyaka injini ikadali yozizira, ndi kofiira koyaka zinthu zitafika kale poipa. Wokwera chitunda cha Chikwawa mwezi wa Okutobala atadzaza anthu ndi katundu sadziwa ngati madzi a mu injini ali pa madigiri 90 kapena 108. Pamene kompyuta ya galimotoyo ikudziwa bwinobwino nambalayo. Imangodikira woifunsa.

Pofunsira pake ndi kasoketi ka mabowo 16 kamene kamakhala kunsi kwa dashibodi, chapafupi ndi mawondo a dalaivala. Dzina lake ndi OBD-II, ndipo ndi pomwe amakaniko amalumikiza makina awo akamati akuyeza galimoto pa kompyuta. Dziko la America lidalamula kuti galimoto zatsopano zizikhala nako kuyambira 1996, ku Ulaya za petulo zidatsatira mu 2001, koma Japan idachedwa mpaka 2008 pa galimoto zogulitsidwa kwawo komweko. Kuchedwa kumeneku kumatikhudza ife kuno. Galimoto ya ku Japan ya 2004 itha kukhala ndi soketi yomweyo, maonekedwe osasiyana, koma osayankha mafunso odziwikawo. N'chifukwa chake chinthu choyamba kugula ndi adaputa yokha, yotchedwa ELM327, n'kuiyesa ndi foni kudzera pa pulogalamu ngati Torque. Foni ikaonetsa kuthamanga kwa injini, pitirizani. Ikalephera, musataye ndalama pa zipangizo zinazo musanayese adaputa ina kapena galimoto ya mnzanu, kuti mudziwe wolakwa ndani.

Adaputa zotchipazi pafupifupi zonse n'zongokopera. Kachipangizo kenikeni kadapangidwa ndi kampani ya ku Canada ya Elm Electronics, ndipo kampaniyo sidatulutsepo mtundu wa v1.5 umene umalembedwa pa mapaketi ambiri. Chodabwitsa n'chakuti zokopera za v1.5 ndi zomwe anthu amazikhulupirira kuposa zolembedwa v2.1, zomwe zambiri sizimva malamulo ena ndipo zimavutika ndi galimoto zakale.

Ntchito ya adaputa ndi kumasulira. Mbali ya galimoto imalankhula chinenero cha galimotoyo, kaya ndi CAN ya galimoto zatsopano kapena K-line ya zakale, ndipo mbali yanu imalandira ndi kutumiza zilembo wamba kudzera pa Bluetooth. Chomwe chimalowa m'malo mwa foni ndi kabolodi ka ESP32, kakompyuta kakang'ono kokwana m'manja, kolumikizidwa ku kasikirini ka SSD1306 ndi mawaya anayi: awiri a moto, wa SDA pa pini 21, wa SCL pa pini 22. Moto wake uchokere pa chaja ya foni ya m'galimoto, ya mavoluti 5. Pogula onetsetsani kuti ndi ESP32 yoyambirira ija. Azing'ono ake, ESP32-C3 ndi ESP32-S3, alibe Bluetooth yakale imene adaputa zambiri zotchipa zimagwiritsa ntchito, ndiye mutha kuchezera usiku wonse mukusaka vuto m'pulogalamu pamene vuto lili pa bolodi.

Kukambirana kwake n'kwapafupi. Bolodi imatumiza malamulo awa limodzi limodzi:

```
ATZ
ATE0
ATSP0
0105
```

Loyamba limadzutsa adaputa kuti iyambire poyambira. Lachiwiri limailetsa kubwereza zomwe mwaiuza, kuti yankho lisasakanikirane ndi funso. Lachitatu limaiuza kuti ifufuze yokha chinenero cha galimoto. Lachinayi ndiye funso lenileni: `01` akutanthauza zomwe zikuchitika panopa, `05` ndi kutentha kwa madzi a mu injini. Lamulo lililonse lithe ndi chizindikiro cha `\r`, ndipo musatumize lina adaputa isanabweze `>`. Oyamba kumene ambiri amagwa apa. Amatumiza mafunso motsatizana osadikira, adaputa n'kuyankha `STOPPED`, iwo n'kumati yafa.

Tinene kuti injini yatentha, galimoto yaima, ndipo yankho labwera motere: `41 05 82`. Nambala ziwiri zoyambazo zikungotsimikiza kuti ili ndi yankho la funso lanu. Uthenga uli pa `82`, koma simakumi asanu ndi atatu kudza ziwiri ayi. Makompyuta amenewa amawerenga m'magulu a 16, choncho 8 kuchulukitsa ndi 16, kuphatikiza 2, ndi 130. Pamenepo muchotsepo 40, chifukwa opanga adafuna kuti nambalayo ikwanitse kusonyeza kuzizira kwa maiko a chisanu mpaka madigiri 40 kunsi kwa ziro. Zatsala 90. Injini ili bwino.

Kuthamanga kwa injini kumafunsidwa ndi `010C`, ndipo yankho limakhala ndi nambala ziwiri za uthenga. Likabwera `41 0C 0C 80`, yoyamba ndi 12, yachiwiri ndi 128, ndipo masamu ake ndi awa:

```
rpm = (256 * A + B) / 4
```

Zikupereka 3200 kugawa ndi 4, ndiye kuti injini ikuzungulira ka 800 pa mphindi, momwe imachitira ikangolira galimoto ili chiimire. Liwiro ndi `010D`, ndipo nambala yake ikangosandutsidwa ngati ija ya 82, ndi makilomita pa ola basi.

Pali chiyeso chofuna kudzaza kasikirini ndi chilichonse chomwe galimoto ingayankhe. Ine sindikuona phindu lake. Adaputa imayankha funso limodzi pa nthawi, ndipo pa K-line mayankho amabwera owerengeka pa sekondi, moti mukafunsa zinthu khumi nambala zonse zimatsalira m'mbuyo. Kutentha sikusintha msanga, kufunsa kamodzi pa masekondi awiri n'kokwanira. Chofunika kwambiri ndi kabelu kolira nambala ikapyola malire, poti maso a dalaivala ayenera kukhala pa msewu. Malirewo musawatole m'mutu. Yendani sabata imodzi mukuona pomwe galimoto yanu imakhazikika komanso pomwe fani imayambira, ndipo belu muliike madigiri ochepa pamwamba pa pamenepo. Galimoto zambiri zimayenda pakati pa 80 ndi 100, ndiye 105 ndi poyambira pabwino.

Mauthenga a zolakwika nawo amanena zambiri. `UNABLE TO CONNECT` akutanthauza kuti adaputa ili moyo koma galimoto sikuyankha, ndipo kawirikawiri kiyi sali pa ON. `NO DATA` ndiye kuti galimoto ilibe yankho la funso limenelo. Bolodi ikamalephera kupeza adaputa, yang'anani foni yanu: mwina idakali yolumikizidwa, ndipo adaputa simalandira awiri nthawi imodzi. Pulogalamu yanu iyenera kuonetsa timizere yankho likasowa, osati kusiya 90 wakale uja pa sikirini ngati zonse zili bwino.

Geji imeneyi ilinso ndi malire ake. Imanena zomwe sensa ya injini yamva. Madzi akatha chifukwa paipi yaphulika, sensayo imakhala m'nthunzi, ndipo nambala itha kutsika pamene injini ikupsa. Choncho kuyang'ana madzi m'mawa injini ili yozizira sikunathe ntchito. Komanso musamatumize malamulo omwe simukuwadziwa. `04` yekha amafufuta zolakwika zonse zomwe kompyuta idasunga, zomwe makaniko akadaziwerenga.

Bowo la 16 pa soketi ija limakhala ndi moto wa batire ngakhale kiyi ali m'thumba, ndiye adaputa imapitiriza kudya moto usiku ndi usana. Ngati galimoto ikhale masiku angapo osalira, zulani adaputayo.