Ndalama zachuluka m'buku, koma matumba a simenti achepa

M'chaka cha 2024 mitengo ya zinthu m'Malawi inkakwera ndi maperesenti pafupifupi 30 pa chaka, ndipo miyezi ina inkapitirira pamenepo. Kwacha inali itangogwetsedwa ndi maperesenti 44 mu Novembala 2023, pamwamba pa maperesenti 25 a mu Meyi 2022. Aliyense wopita kumsika ankaziona yekha. Chomwe sichinkaonekera msanga ndi zomwe zinkachitikira ndalama zongokhala kubanki.

Mwachitsanzo, mphunzitsi wofuna kumanga nyumba wasunga K500,000 mu akaunti wamba yopatsa chiwongoladzanja cha maperesenti 4 pa chaka. Tsiku lomwe akusungitsa, thumba la simenti likhale pa K20,000. Ndiye kuti ndalama zakezo zikanagula matumba 25.

Chaka chikatha, banki yamuwonjezera K20,000, ndipo uthenga wa pafoni ukuonetsa K520,000. Palibe tambala yomwe yasowa. Koma ngati simenti yakwera ndi maperesenti 30, thumba lafika pa K26,000, ndipo ndalama zonse zija, ndi chiwongoladzanja chomwe, zikungokwana matumba 20. Matumba asanu apita popanda wakuba kuthyola chitseko.

Apa ndi pomwe akatswiri a zachuma amasiyanitsa phindu lolembedwa papepala ndi phindu lenileni. Lolembedwa ndi maperesenti 4 aja. Lenileni limapezeka poona zomwe ndalamazo zingagule tsopano poyerekeza ndi poyamba. Masamu ake ngosavuta. Katundu yemwe anali wa K500,000 tsopano akufuna K650,000. Kugawa K520,000 ndi K650,000 kukupereka 0.8, kutanthauza kuti pa K100 iliyonse, mphamvu yogulira yatsala ya K80. Ena amangochotsera chiwongoladzanja pa mlingo wa kukwera kwa mitengo, 30 kuchotsapo 4, n'kupeza 26. Njira yachiduleyi imalondola mitengo ikamakwera pang'onopang'ono, koma ikamathamanga chonchi imakokomeza, chifukwa zomwe zatayika ndi maperesenti 20.

Zinthu zikapitirira motero zaka zitatu, buku lidzaonetsa pafupifupi K562,000, pomwe matumba 25 aja adzakhala akufuna ndalama zoyandikira K1,100,000. Theka la thukuta la mphunzitsiyo lidzakhala litasungunuka.

Mlingo wa kukwera kwa mitengo umalengezedwa mwezi uliwonse ndi ofesi ya boma ya ziwerengero ya NSO, yomwe likulu lake lili ku Zomba. Ogwira ntchito ake amalemba mitengo ya chimanga, mafuta ophikira, lendi, thiransipoti ndi zina m'misika ndi m'masitolo, n'kuiyerekeza ndi ya mwezi womwewo chaka chatha. Chakudya ndicho chimatenga gawo lalikulu pa muyezowu, n'chifukwa chake chimanga chikavuta, nambala yonse imakwera. Komabe nambalayi ndi ya dziko lonse. Wosungira feteleza, malata kapena fizi ayenera kulondola mtengo wa chinthu chake chomwecho, poti chimatha kukwera kuposa zina zonse.

Pali chinanso chomwe chimasokoneza ambiri. Wailesi ikanena kuti kukwera kwa mitengo kwatsika kuchoka pa maperesenti 30 kufika pa 25, sikuti sopo watsika mtengo. Akukwerabe, kungoti liwiro lachepa, ndipo akaunti ya maperesenti 4 ikupitirirabe kuluza.

Nanga njira zina zosungira? Mphunzitsi yemweyo akadatsekera ndalamazo kwa chaka pa maperesenti 15, akadapeza K575,000, yokwana matumba 22. Akadakongoza boma kudzera m'zikalata za ngongole zomwe banki yaikulu ya Reserve imagulitsa, za masiku 91, 182 kapena 364, phindu likadakhala lokulirapo: za masiku 364 zinkapatsa pafupifupi maperesenti 26 mu 2024. Pa K500,000 ndi K130,000 imeneyo. Koma chiwongoladzanja chimadulidwa msonkho. Pochotsa maperesenti 20 zitsala K104,000, ndipo zonse pamodzi ndi K604,000, matumba 23. Ngakhale njira yabwinoyi sinakwanitse kubweza matumba onse 25, yangochepetsa bala.

Kugulira katunduyo pasadakhale nako kuli ndi malire ake. Simenti ikakhalitsa imagwira chinyontho n'kuuma, chimanga chimafumbwa ndi anankafumbwe, ndipo malata sangalipire kuchipatala usiku mwana akadwala mwadzidzidzi. Ndalama zadzidzidzi ndi zogwiritsa ntchito mwezi uno malo ake ndi mu akaunti wamba momwemo, ngakhale zikuluza pang'ono. Zomwe zidikire chaka kapena kuposerapo ndizo zofunika kuzifunsira bwino kubanki: chiwongoladzanja n'chingati pa chaka, chitsala chingati akachotsa msonkho ndi ndalama zoyendetsera akaunti, komanso chilango n'chotani munthu akafuna kutapa nthawi isanakwane. Nambala yotsalayo ndiyo yoyenera kuiyika pambali pa ya NSO ya mwezi umenewo.