Kasitomala akakulemberani kalata yofuna ndalama, vomerani zanu zokha

Tiyerekeze kalipentala wa ku Ndirande amene anakhomera sukulu ina yapulaiveti madesiki 40, lililonse pa K60,000. Patapita miyezi iwiri, mwini sukulu wamulembera kalata: madesiki 12 ndi owonongeka, ndiye abweze K720,000, awonjezerepo K250,000 chifukwa anachedwa kupereka katundu. Zonse pamodzi ndi K970,000, ndipo akapanda kulipira pa masiku 7 akaonana kukhoti.

Asanagwire cholembera, kalipentalayu apite kukaona madesikiwo ndi maso ake, awajambule, kenako atulutse mapepala onse: malisiti, mauthenga a pafoni, ndi pepala limene anasayinirana popereka katundu. Tinene kuti wapeza madesiki 5 atang'aluka chifukwa anakhomera matabwa osauma bwino. Pamenepo vuto ndi lake. Ena 7 ali ndi zizindikiro zoti anavumbwa ndi mvula pakhonde la sukulu.

Yankho lake liyambe ndi kutchula tsiku la kalata imene akuyankha, kenako ligawe dandaulolo m'zigawo. Za madesiki asanu alembe mosazungulira: "Ndikuvomera kuti madesiki 5 ali ndi vuto la matabwa. Ndiwasintha, kapena ndibweza K300,000, pasanathe masiku 14."

Pamene pakufunika luntha ndi pa gawo lokanalo. Kungoti "sindikugwirizana nazo" sikuthandiza aliyense. Chifukwa chilichonse chikhale ndi umboni wake: madesiki 7 munawalandira ali bwino ndipo mwasayinira pa pepala ili; zithunzi izi zikusonyeza matabwa otupa ndi madzi; choncho K420,000 sindilipira. Za kuchedwa, aonetse lisiti yosonyeza kuti ndalama yoyambira ntchito inafika patapita masabata atatu kuchokera tsiku limene anagwirizana, ndipo ntchito sikanayamba matabwa asanagulidwe. Atumize makope okha, mapepala enieni asunge.

Achenjere ndi mawu aulemu omwe tinazolowera. "Pepani pa zonse zachitika" akumveka bwino, koma kalata imeneyi ikhoza kudzawerengedwa pamaso pa majisitileti, ndipo "zonse" angatanthauziridwe kuti wavomera K970,000 yonse. Apepese za madesiki asanu basi. Ine ndimaona kuti kuvomera gawo loona kumapatsa mphamvu gawo lokanalo, chifukwa woweruza akaona munthu akukana ngakhale choonekeratu, amayamba kukayikira zonse zimene akunena.

Yankho lifike masiku 7 aja asanathe, ndipo wolandira asayinire pa kope imene kalipentala atsale nayo. Ngati kalata inachokera kwa loya, yankho lipite kwa loyayo. Mwini sukulu akalola kulandira K300,000, asayine kuti ndalamayo yatseka nkhani yonse ya madesiki 12 ndi ya kuchedwa. Popanda mawu amenewa, angathe kulandira ndalamayo n'kukasumira K670,000 yotsalayo.