Ola labwino loikira positi: momwe limapezekera m'ziwerengero zakale

Positi iliyonse yoikidwa pa tsamba la Facebook, Instagram kapena TikTok imasiya mbiri: tsiku ndi ola limene inatuluka, anthu amene anaiona, ndi amene anailaika, kuikapo ndemanga kapena kuigawira anzawo. Mbiri imeneyi ndiyo gwero la ndandanda yoikira mapositi. Mwini tsamba amasanthula ziwerengero zakale, n'kupeza nthawi imene otsatira ake amachangamuka, kenaka n'kusiyira pulogalamu ntchito yotulutsa mapositi pa nthawizo iye ali kwina.

Nthawi imakhudza zotsatira chifukwa masambawa saonetsa mapositi motsatira kutuluka kwake kokha. Amasankha zoika pamwamba poyang'ana zinthu zambiri, ndipo zina mwa izo ndi kutsopana kwa positi komanso momwe oiona oyamba aiyankhira. Positi yotuluka anthu ali m'tulo imadzapikisana m'mawa ndi zatsopano zambirimbiri. Komabe nthawi siipulumutsa positi yosakoma. Imangothandiza yabwino kufika patali.

Ntchito imayamba ndi kutenga ziwerengero. Mu Meta Business Suite, gawo la Insights limalola kutsitsa fayilo ya CSV, imene imatseguka mu Excel kapena Google Sheets, positi iliyonse pa mzere wake. Msampha woyamba uli pa wotchi. Malawi, Zambia, Mozambique, Zimbabwe ndi South Africa ali patsogolo pa UTC ndi maola awiri chaka chonse, koma mapulogalamu ambiri amalemba nthawi mu UTC kapena m'nthawi ya ku America. Kudziwa kwake n'kosavuta: munthu amatenga positi imodzi imene akukumbukira ola lake, n'kuyerekeza ndi zolembedwa mu fayilo. Ngati nthawi ili mu UTC m'kabokosi ka A2, ola la kuno limapezeka motere:

```
=HOUR(A2+2/24)
```

Tiyerekeze kuti shopu yogulitsa zitenje yaika mapositi 120 m'miyezi isanu ndi umodzi. Sabata ili ndi maola 168. Kugawa mapositi 120 m'maola onsewo ndiye kuti maola ambiri adzakhala ndi positi imodzi kapena opanda kanthu, ndipo positi imodzi siiuza munthu kalikonse. Nzeru yake ndi kuchepetsa magulu: m'mawa, masana, madzulo ndi usiku, kenaka n'kusiyanitsa masiku antchito ndi Loweruka ndi Lamulungu. Magulu amakhala asanu ndi atatu, ndipo lililonse likhoza kukhala ndi mapositi pafupifupi 15. Gulu lokhala ndi mapositi awiri kapena atatu lisamaweruzidwe.

Asanayerekeze magulu, mapositi ayenera kuikidwa pa muyeso umodzi. Positi ya dzulo siingapikisane ndi ya mwezi watha imene yakhala ikusonkhanitsa malaiki kwa masabata anayi, choncho ndi bwino kuchotsa za masiku awiri kapena atatu apitawa. Positi yolipiridwa kuti ifike kwa anthu ambiri ichotsedwenso, chifukwa chimene chinaikweza ndi ndalama osati ola. Ngati tsamba lakula, kunena kuti kuchoka pa otsatira 2,000 kufika pa 5,000, zotsatira za positi iliyonse zigawidwe ndi chiwerengero cha otsatira a nthawi imeneyo. Ena amagawa ndi chiwerengero cha amene anaiona positiyo. Njira imeneyo imayeza kukoma kwa positi, koma imabisa chimene chikufunidwa pano, popeza ubwino wa ola labwino ndiwo kuti anthu ambiri amaona.

Pamene ambiri amasocherera ndi pa avereji. Tinene kuti mapositi asanu a usiku anapeza malaiki, ndemanga ndi kugawidwa kokwana 30, 34, 38, 41 ndi 400, pomwe asanu a m'mawa anapeza 44, 47, 52, 55 ndi 60. Avereji ya usiku ndi 108.6, ya m'mawa ndi 51.6, ndipo wongoyang'ana mwachangu anganene kuti usiku ukuposa m'mawa kawiri. Koma 400 uja unali mpikisano wopatsa wopambana chitenje chaulere. Ukanaikidwa ola lililonse anthu akanathamangirabe. Mankhwala ake ndi nambala ya pakati: manambala amasanjidwa kuyambira laling'ono kufika lalikulu, n'kutenga lokhala pakatikati. Ya usiku ndi 38, ya m'mawa ndi 52. Chithunzi chatembenuka. Mu Excel ntchitoyi ndi ya mzere umodzi:

```
=MEDIAN(B2:B6)
```

Pali zinanso zimene zimabisala kuseri kwa ola. Ngati shopuyo imaika makanema madzulo ndi zithunzi m'mawa, kupambana kwa madzulo kungakhale kwa makanemawo. Ngati katundu watsopano amalengezedwa kumapeto kwa mwezi, anthu atalandira malipiro, tsikulo lidzaoneka lamwayi pomwe chagwira ntchito ndi thumba la wogula. Kanema ayerekezedwe ndi kanema mnzake, chithunzi ndi chithunzi.

Magulu awiri kapena atatu opambana akapezeka, amasanduka mipata ya ndandanda. Mu Buffer, mwini tsamba amalemba maola a tsiku lililonse kamodzi kokha, ndipo positi iliyonse yatsopano imafola pamzere n'kulowa mumpata wotsatira wopanda kanthu. Meta Business Suite ili ndi kalendala yotchedwa Planner, ndipo poika nthawi imasonyeza Active times, maola amene otsatira akhala ali pa intaneti masiku apitawa. Hootsuite ndi Sprout Social nawonso amawerengera okha ndi kupereka maola. Apa pafunika kusamala: ola limene anthu ambiri ali pa intaneti ndi limenenso masamba ena onse akuika zawo, kotero silikhala nthawi zonse ola limene tsamba lina lake limayankhidwa kwambiri.

Vuto lalikulu la ndandanda yodziyendera yokha ndi lakuti imadzinamiza. Ziwerengero zakale zimangonena za maola amene anayesedwa. Ngati shopu sinaikepo kanthu 6 koloko m'mawa, fayilo siinganene kuti ola limenelo ndi loipa. Ilibe umboni basi. Ndandanda ikatsekera mapositi onse m'maola atatu opambana, ziwerengero za miyezi yotsatira zidzachokera m'maola atatu omwewo, ndipo adzapambananso chifukwa palibe wopikisana nawo. Chizindikiro chake ndi ndandanda imene yatha chaka osasintha pomwe zotsatira zikutsika pang'onopang'ono. Njira yodziwika yopewera izi ndi kupatula gawo laling'ono, monga positi imodzi mwa zisanu, n'kuiponya pa ola losayesedwa, mosasankha kuti ndi positi iti. Kusasankhako n'kofunika: mwini tsamba akamasungira mapositi okoma maola amene amawakhulupirira, n'kutayira otsala ku maola oyesera, mayeso aonongeka asanayambe. Pakapita miyezi iwiri kapena itatu, nambala ya pakati iwerengedwenso, ndipo ola latsopano likaposa lakale, lilowe m'malo mwake.

Tsamba lokhala ndi otsatira ambiri ku Britain lili ndi chinanso choganizira. Dzikolo limasintha wotchi kumapeto kwa Malichi ndi kumapeto kwa Okutobala, choncho limatsalira ku Malawi ndi ola limodzi m'chilimwe chake ndi maola awiri m'nyengo yozizira. Mpata wosungidwa m'nthawi ya kuno umasuntha ndi ola lathunthu kwa owerenga a kumeneko.

Pulogalamu siidziwa zimene zachitika m'dziko. Malonda okonzedwa sabata yatha adzatulukabe pa tsiku la maliro a dziko kapena la ngozi ya madzi osefukira, pokhapokha munthu ataimitsa mzerewo. Siiyankhanso wogula wofunsa mtengo. Ola limene ziwerengero zaliyamikira koma palibe woyankha mafunso ndi lofunika kulidumpha, n'kutenga lachiwiri.