Wawonda: ndi njala, matenda, kapena akukana yekha chakudya?

Mtsikana akawonda kwambiri kuno kwathu, anthu sachedwa kugamula. Ena amati kwawo kuli njala, ena amanong'onezana za kachilombo. Kawirikawiri gulu limodzi mwa awiriwa limakhala likunena zoona. Koma palinso anorekisiya, matenda a maganizo amene munthu amadzimana chakudya mpaka thupi kutheratu, chakudyacho chili pompo. Madokotala a maganizo ndi owerengeka m'Malawi, ndipo ambiri a ife Zomba kapena St John of God ku Mzuzu ndi kutali. Choncho ntchito yosiyanitsa zitatuzi imagwera namwino kapena kiliniko ofesa wa pachipatala chaching'ono.

Tiyerekeze kuti mayi abwera ndi mwana wawo wa zaka 19, wotalika mamita 1.60, wolemera makilogalamu 41. Namwino agawa 41 ndi 2.56, ndiye kuti 1.60 kuchulukitsa ndi 1.60, napeza BMI ya 16. Munthu wamkulu akatsika pa 18.5 ndiye kuti wawonda, ndipo 16 ndi pamalire a kuwonda koopsa. Sikelo yanena zake, koma chifukwa chake sinatchule.

Poyambira ndi pakhomo. Kodi m'nkhokwe muli chiyani? Amadya kangati patsiku? Nanga azing'ono ake nawonso akuwonda? Njala sisankha munthu mmodzi m'banja, ndipo imakula ndi nyengo, makamaka Januwale ndi Febuluwale. Wanjala mukamupatsa phala amatha lonse. Ngati ena onse ali bwino, iye yekha ndiye akufota, mpofunika kufufuzabe.

Kenako thupi. Ayezedwe HIV, makhololo ngati akutsokomola kapena kutuluka thukuta usiku, shuga ngati akumva ludzu ndi kukodza pafupipafupi, komanso mimba ngati wasiya kusamba. Afunsidwe za kutsegula m'mimba kosatha. Kugunda kwa mtima nako kumathandiza, ndipo sikufuna makina. Wodwala TB kapena chithokomiro chogwira ntchito mopyola muyezo amatentha, mtima ukuthamanga. Wodzimana chakudya amazizidwa ngakhale mu Okutobala, ndipo mtima wake umagunda pang'onopang'ono. Wodwala matenda a m'thupi amadandaula kuti akutha ndipo amafuna kunenepa. Wokhumudwa kwambiri amangoti chakudya sichikumukomera, koma kunenepa sakuopa.

Pamene pavuta ndi pa mafunso. Mafomu otchuka ofufuzira matendawa analembedwera anthu a ku Ulaya ndi ku America, ndipo amafunsa ngati munthu amangokhalira kuganiza za chakudya. Wogona ndi njala angayankhe kuti ayi? Kafukufuku wa ku South Africa wa mu 2004 anaonetsa zimenezi: achinyamata osauka ankaoneka pafomu ngati odwala, koma atacheza ndi ena mwa iwo zinadziwika kuti ena ankanena za njala. Fomu ikhozanso kuphonya wodwala weniweni. Ku Hong Kong, Dokotala Sing Lee anapeza odwala ambiri amene sankatchula zoopa kunenepa, ankangoti m'mimba mwadzaza. Ku Ghana, mu kafukufuku wa atsikana a sekondale 668, panapezeka 10 owonda chifukwa chodzimana okha, ndipo iwo ankalankhula za kudziletsa ndi chipembedzo.

N'chifukwa chake, kwa ine, funso loti "Kodi umaopa kunenepa?" ndi losakwanira. Kuona zochita n'kothandiza koposa. Namwino acheze ndi mtsikanayo payekha, kenako ndi mayi ake payekha. Mayi akhoza kuulula kuti amaphikira banja lonse koma iye amati wadya kale, amatema nsima tizidutswa n'kusiya, amapita kuchimbudzi akangodya, kapena kusala kwake kumapitirira anzake a kutchalitchi atamasula kale. Ndiye namwino amufunse modekha: "Titakuthandiza kuwonjeza makilogalamu asanu, ungamve bwanji?" Wanjala ndi wa TB amasangalala. Wa anorekisiya amagwa nkhope, kapena amayamba kukambirana zoti akhale awiri okha.

Zitatuzi zikhoza kukumana mwa munthu mmodzi. Kupezeka ndi HIV sikutseka nkhani, ndipo umphawi suteteza munthu ku anorekisiya. Ngati wayamba mankhwala, walandira chiponde, koma milungu ikupita sikelo osasuntha, funsani kumene chipondecho chikupita.

Pali zizindikiro zosadikira kuti dzina la matenda lipezeke: mtima kugunda kosafika 40 pamphindi, kukomoka, kulephera kudzuka atanjuta popanda kugwira kanthu, kapena kulankhula zodzipha. Wotere agonekedwe kuchipatala cha boma tsiku lomwelo. Ndipo inu makolo, musamudzadze nsima mwadzidzidzi pofuna kubwezera zimene zinatayika. Thupi lomwe lakhala nthawi yaitali osadya likalandira chakudya chambiri mwakamodzi, mchere wa m'magazi monga fosifeti ndi potaziyamu umatsika, mtima n'kuima. Ayambe pang'onopang'ono, achipatala akumuyang'anira, makamaka mlungu woyamba.