Kachizindikiro kakathawira pakona ya tsamba

Wogulitsa zitenje wapangitsa tsamba la pa intaneti. Chitenje chilichonse chili m'bokosi lakelake, momwe muli chithunzi, dzina ndi mtengo. Pa zitenje zina akufuna kuti pakhale kachizindikiro kofiira kolembedwa kuti "Zatsika mtengo", kakhale pakona ya kumtunda chakumanja kwa bokosilo. Wokonza tsamba walemba malangizo ake, koma potsegula tsambalo akupeza kuti mabokosi onse alibe kanthu. Kachizindikiro kamodzi kokha kakuoneka kumtunda kwenikweni kwa tsamba, kataphimba batani lina. Tizizindikiro tinato sitinasowe ayi: tonse taunjikana pamalo amodzi omwewo, kena pamwamba pa kanzake.

Vutoli limagwetsa ulesi anthu ambiri ongoyamba ntchito yokonza masamba, koma gwero lake ndi limodzi ndipo ndi lomveka.

Tsamba la pa intaneti limamangidwa ndi zilankhulo ziwiri. HTML imanena zomwe zili patsambalo, pomwe CSS imanena maonekedwe ake ndi malo oti chilichonse chikhale. Chinthu chilichonse patsamba ndi bokosi, ndipo mabokosi amakhala m'kati mwa mabokosi anzawo. Lakunja limatchedwa kholo, lam'kati ndiye mwana. Tsamba la zitenje lija linalembedwa motere:

```html
<div class="chitenje">
  <img src="chitenje1.jpg" alt="Chitenje">
  <span class="chizindikiro">Zatsika mtengo</span>
</div>
```

```css
.chizindikiro {
  position: absolute;
  top: 8px;
  right: 8px;
}
```

Mabokosi akasiyidwa okha, amandandalika mwadongosolo kuchokera kumtunda kutsikira kumunsi, lililonse kusiyira linzake malo. Bokosi lotere limakhala la `position: static`, ndipo umu ndi mmene bokosi lililonse limakhalira ngati sanalilembere china. Mukangolemba `position: absolute`, bokosi limachoka pamndandandawo. Anzake amasendera n'kutseka malo ake ngati kuti kulibe, ndipo ilo limakakhala pomwe manambala a `top`, `right`, `bottom` ndi `left` alitumiza.

Funso lagona pa manambalawo. Malangizo akuti kachizindikiro kakhale mapikiseli 8 kuchokera kumtunda ndi 8 kuchokera kumanja, koma kumtunda kwa chiyani? Zili ngati mmisiri womanga nyumba amene wauzidwa kuti akumbe maziko mamita atatu kuchokera pachikhomo. Ngati pamalopo sanakhomepo chikhomo, muyeso wake uyambira pa chizindikiro china chomwe wapeza, ngakhale chikhale cha kumalire a munda.

Lamulo lake linabwera ndi CSS2 m'chaka cha 1998, ndipo mabulawuza onse, monga Chrome, Firefox ndi Safari, amalitsata. Bulawuza imayang'ana kholo la bokosilo. Ngati kholo ndi la `static`, imalilumpha n'kupita kwa kholo la khololo, n'kumakwerabe mpaka itapeza bokosi loyamba lomwe `position` yake ndi `relative`, `absolute`, `fixed` kapena `sticky`. Muyeso umayambira m'mphepete mwa bokosi limenelo, cham'kati mwa mzere wake wa malire. Ikafika kumapeto osapeza bokosi lotere, imagwiritsa ntchito malo a kumayambiriro kwa tsamba, aakulu mofanana ndi zenera la bulawuza. Choncho kungokhala m'kati mwa bokosi mu HTML sikokwanira kuti mwana ayezedwe kuchokera kwa kholo lake.

Tiyeni tiike manambala. Zenera ndi la mapikiseli 1280 m'lifupi. Bokosi la chitenje choyamba ndi la mapikiseli 300, ndipo likuyambira pa 100 kuchokera kumanzere komanso pa 400 kuchokera kumtunda. Wokonza tsamba amayembekeza kuti mbali ya kumanja ya kachizindikiro ithera pa 392, ndipo mutu wake ukhala pa 408. Koma poti palibe kholo lililonse lokhala ndi `position`, bulawuza yayeza kuchokera m'mphepete mwa tsamba: mbali ya kumanja yathera pa 1272, mutu uli pa 8. Tizizindikiro tonse talandira yankho limodzi lomweli, n'chifukwa chake taunjikana.

Mankhwala ake ndi mzere umodzi, ndipo umalembedwa pa kholo, osati pa mwana:

```css
.chitenje {
  position: relative;
}
```

Timasankha `relative` chifukwa sisuntha kanthu. Bokosi la `relative` lomwe silinapatsidwe `top` kapena `left` limakhalabe pomwe linali, ndipo limasungabe malo ake pamndandanda. Chomwe chasintha n'choti tsopano bulawuza ikamakwera kufunafuna poyambira muyeso, imaima pabokosi limeneli. Kholo likanapatsidwa `absolute`, kachizindikiro kakanabwereradi, koma mabokosi a zitenje akanachoka pamndandanda n'kuyamba kusanjikizana okhaokha.

Pali njira ina imene imakopa munthu akatopa, yomangowonjezera manambala mpaka kachizindikiro katafika pofunika: `top: 408px`, kenako nambala ina yaikulu ya `right`. Pakompyuta yakeyo zioneka bwino. Koma kasitomala akatsegula tsambalo pafoni, kapena mwini sitolo akawonjezera mzere umodzi wa mawu kumtunda, bokosi la chitenje lisuntha pomwe kachizindikiro katsala pomwepo. Ndiponso manambalawo akonza chitenje chimodzi chokha.

Foni imathanso kubisa vutoli. Pasikirini yaing'ono bokosi la chitenje limadzaza pafupifupi m'lifupi monse, motero kumanja kwa bokosi ndi kumanja kwa tsamba zimayandikana. Ngati bokosilo lili kufupi ndi kumtunda, kachizindikiro kamaoneka ngati kakhala bwino. Tsamba liyenera kuyesedwa pazenera laling'ono ndi lalikulu lomwe.

Nanga munthu angatsimikize bwanji kuti vuto ndi limeneli? Mu Chrome, dinani kachizindikiroko ndi batani lakumanja la mausi, sankhani Inspect, kenako pitani pa Console ndi kulemba izi:

```js
$0.offsetParent
```

Yankho likakhala `body`, nthawi zambiri ndiye kuti palibe kholo lomwe linapatsidwa `position`. Likatchula bokosi lina lomwe simumaliyembekezera, ndiye kuti kholo lakutali ndi lomwe lagwira muyeso, ndipo kachizindikiro kadzapezeka pakona ya chigawo china cha tsamba osati pakona ya tsamba lonse.

Pali misampha ina iwiri. Woyamba ndi woti bokosi lokhala ndi `transform` kapena `filter` limasanduka poyambira muyeso ngakhale `position` yake ili `static`. Ngati bokosi la chitenje limakula pang'ono ndi `transform` pamene mausi yafika pamwamba pake, kachizindikiro kamalumphira m'bokosimo, ndipo mausi ikachoka kamabwerera pakona ya tsamba. Kulumphalumpha kotereku kumatha kholo likapatsidwa `relative` nthawi zonse.

Msampha wachiwiri ndi wa msinkhu wa kholo. Mwana wa `absolute` sawerengedwa pamene bulawuza ikupeza kutalika kwa kholo lake. Ngati chithunzi nacho chapatsidwa `absolute` ndipo m'bokosi mulibenso china, kholo limaphwa mpaka kutalika kwake kufika pa 0. Zikatero, `bottom: 8px` imayezedwa kuchokera pamzere wopyapyala, ndipo kachizindikiro kamatulukira pamwamba pa bokosi. Apa chithunzi chibwezedwe pamndandanda, kapena kholo lipatsidwe kutalika kwake.

Chizolowezi chabwino n'cholemba mizere iwiriyi nthawi imodzi. Musanalembe `position: absolute` pa bokosi, sankhani kaye kholo lomwe muyeso uyambire, lilembereni `position: relative`, kenako muike manambala a mwanayo.